Mtengo wa randi ubwere wokha m'tebulo lanu, koma usasinthe mabuku akale

Wooda katundu ku Joni kapena ku Lusaka amalipira m'ndalama za kumeneko koma amagulitsa m'makwacha a kuno, ndiye tsiku lililonse amafuna kudziwa kuti randi ili pa zingati. Ambiri amafunsa anzawo pafoni n'kulemba nambalayo m'tebulo la pakompyuta, kenako amaiwala kuisintha mpaka mwezi kutha. Google Sheets ili ndi fomula yokoka mtengowu yokha kuchokera pa intaneti, ndipo safuna kuti mukhale katswiri wolemba mapulogalamu. Dzina lake ndi GOOGLEFINANCE.

Tsegulani tebulo latsopano. M'kabokosi ka A1 lembani mawu oti mtengo wa randi, ndipo m'kabokosi ka B1 lembani izi monga zilili:

```
=GOOGLEFINANCE("CURRENCY:ZARMWK")
```

Mukadina Enter, kabokosiko kalemba Loading... kwa kanthawi, kenako kaonetsa nambala. Zilembo zisanu ndi chimodzi zakumapetozo ndi mayina a ndalama ziwiri olumikizidwa popanda mpata. Yoyamba ndi ndalama imene mukufunsa mtengo wake, yachiwiri ndi imene mukufuna yankho lituluke. Choncho ZARMWK ikufunsa kuti randi imodzi ndi makwacha angati a ku Malawi. Mukazitembenuza n'kulemba MWKZAR, yankho likhala kanambala kakang'ono koyamba ndi 0.0, ndipo chimenecho ndi chizindikiro choti mwafunsa chammbuyo. Dola ya ku America ndi USD, paundi ya ku Britain ndi GBP, metikali ya ku Mozambique ndi MZN. Kwacha ya ku Zambia ndi ZMW. Dzina lakale la ZMK linatha ntchito mu 2013 pamene Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake, choncho musalitengere m'mapepala akale.

Ngati ndalama ziwiri zimene mwalumikiza zikukana kutuluka, dzerani pa dola, chifukwa pafupifupi ndalama iliyonse ili ndi mtengo wake wa dola:

```
=GOOGLEFINANCE("CURRENCY:ZARUSD")*GOOGLEFINANCE("CURRENCY:USDMWK")
```

Fomulayi ilembeni m'kabokosi kamodzi kokha m'tebulo lonse. Pali ena amaikopera pamzere uliwonse wa katundu, mizere 200 mafomula 200. Tebulo lotero limachedwa kutseguka, makamaka netiweki ikakhala yofooka, ndipo mizere ina imakakamira pa Loading... ina itatuluka kale. Mizere yonse iziwerenga kuchokera m'kabokosi kamodziko.

Nambala ya mu B1 si mtengo umene mudzagulire randi. Ndi mtengo wapakati, wa pakati pa wogulira ndi wogulitsira, ndipo Google yokha imachenjeza kuti utha kuchedwa mpaka mphindi 20. Banki kapena kosinthitsa ndalama amagulitsa pamwamba pa mtengowo, ndipo pali ndalama zolipira potumiza. Pa kwacha ya ku Malawi nambalayo imatsatira mtengo wovomerezeka, wogwirizana ndi umene Banki Yaikulu imalengeza, ndipo pamene ndalama zakunja zikusowa mtengowu umatha kukhala malo amodzi kwa miyezi mitengo ya katundu ikukwera. Mukaona nambala ya dola sikusuntha sabata yathunthu, si kuti fomula yafa.

Choncho onjezani timabokosi tiwiri. Mu B2 mulembe pamanja gawo limene amakuonjezerani pogula randi, ndipo mu B3 muike mtengo wogwiritsa ntchito:

```
=B1*(1+B2)
```

Gawo la mu B2 musalilote, litengeni pa lisiti yanu yomaliza. Tiyerekeze kuti tsiku limenelo B1 inkaonetsa 95, koma lisiti ikusonyeza kuti randi iliyonse, ndi zolipira zonse, inakudyerani K100. Gawani 100 ndi 95, mupeza 1.0526, kutanthauza kuti munaonjezera pang'ono kuposa 5 pa 100 iliyonse. Mu B2 lembani 5.26%, osaiwala chizindikiro cha peresenticho. Mukalemba 5.26 yokha, tebulo lichulukitsa mtengo kasanu ndi kamodzi n'kupitirira, ndipo B3 ionetsa pafupifupi 595 m'malo mwa 100.

Tsopano katundu weniweni. Nambala izi ndi zongoyerekeza, inu muikemo zanu. Mwaoda mabulangete 40 pa R180 lililonse, ndiye R7,200, ndipo thiransipoti ndi R1,500. Zonse pamodzi ndi R8,700. Pa mtengo wa B1 wa 95, tebulo likuuzani kuti katunduyo ndi wa K826,500, bulangete limodzi pafupifupi K20,660. Pa mtengo weniweni wa 100, ndi K870,000, bulangete limodzi K21,750. Kusiyana kwake ndi K43,500 pa ulendo umodzi, msonkho wa pachipata tisanauwerengere. Wogulitsa bulangete pa K21,500 poganiza kuti akupindula K840 amakhala akuluza K250 pa lililonse, tebulo lake likumusonyeza phindu.

Pamzere wa katundu, ngati ndalama za randi zili mu D6, lembani mu E6 chonchi:

```
=D6*$B$3
```

Zizindikiro za dolazo sizikunena za ndalama ya ku America. Zimakhoma kabokosi kuti kasasunthe. Popanda izo, mukakokera fomula pamzere wotsatira B3 imasanduka B4, kenako B5, timabokosi topanda kanthu, ndipo mitengo yonse ya m'munsi imatuluka 0.

Vuto lalikulu la mtengo wobwera wokha ndi loti sudziwa kusiyanitsa katundu wa lero ndi wa mwezi watha. Mzere uliwonse wowerenga B3 umasintha B3 ikasintha, ngakhale katunduyo munalipira kalekale ndipo munagulitsa. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene analipira katundu wa madola 500 kutsitsako kusanachitike anatulutsa pafupifupi K590,000. Ngati mzere wake unali womangirira ku mtengo wobwera wokha, potsegula tebulo pambuyo pake unkanena kuti analipira K850,000. Palibe chenjezo lililonse limene limatuluka, nambala imangosintha mwakachetechete, ndipo phindu lonse la mwezi wapitawo limaoneka ngati lasungunuka.

Mtengo wobwera wokha ndi woyankhira funso limodzi: ndikaoda lero zinditengera zingati? Funsoli ndi lofunika poika mtengo wogulitsira, chifukwa ndalama za katundu wa lero ndi zimene zidzaode katundu wotsatira. Koma buku la zimene zinachitika kale lifunika nambala yosasuntha. Ndi bwino kukhala ndi masamba awiri m'tebulo limodzi, lina loyerekezera maoda, lina lolembamo zimene mwalipira.

Patsamba la zolipiridwalo, mzere uliwonse ukhale ndi kabokosi kake ka mtengo wa tsikulo. Tsiku lolipira, dinani B3, koperani ndi Ctrl+C, pitani pa kabokosi ka mzerewo ndipo mudine Ctrl+Shift+V. Kumata kotereku kumaika nambala yokha, fomula n'kutsala. Mukamata ndi Ctrl+V wamba mwatenga fomula yomwe, ndipo idzawerenga timabokosi tina ta patsamba latsopanolo n'kutulutsa zolakwika. Poonetsetsa, dinani kabokosiko muyang'ane pamwamba polembera: ngati zolembedwazo zikuyamba ndi chizindikiro cha =, nambalayo idakali yoyenda. Pafoni njira yosavuta ndi kungolemba nambalayo pamanja. Ndipo ngati muli ndi lisiti ya kubanki, mtengo wa pa lisitiwo ndiwo woyenera kulembedwa, chifukwa ndi umene unatuluka m'thumba.

Nanga maoda akale amene simunasunge mtengo wake? GOOGLEFINANCE imatha kubweza mtengo wa tsiku lapitalo mukaipatsa deti. Koma yankho lake silibwera ngati nambala imodzi. Limabwera ngati katebulo ka mizere iwiri: pamwamba mitu yoti Date ndi Close, m'munsi deti ndi mtengo. Katebuloka kamafuna timabokosi tinayi topanda kanthu, ndipo kakapeza kena kali kolembedwa kamakana n'kuonetsa #REF!. Pofuna nambala yokhayo, ikulungeni mu INDEX, imene imatola za pamzere wachiwiri, danga lachiwiri. Ngati deti lili mu A6:

```
=INDEX(GOOGLEFINANCE("CURRENCY:ZARMWK","price",A6),2,2)
```

Umenewu ndi mtengo wotsekera tsikulo, wapakati womwe uja, wopanda zoonjezera za banki. Ukatuluka, umateni ngati nambala yokha monga tafotokozera, kuti tebulo lisamafunsenso zakale nthawi iliyonse likatsegulidwa. Samalani ndi deti la mu A6. Tebulo likakhala lotchera ku United States limawerenga 03/04/2024 ngati 4 Malichi, pamene inu mumatanthauza 3 Epulo, ndipo likupatsani mtengo wa tsiku lina popanda kudandaula. Deti longa 25/04/2024 lokha ndi limene limadziulula, chifukwa kulibe mwezi wa 25: limakhala kumanzere kwa kabokosi ngati mawu wamba, osati kumanja ngati nambala. Konzani pa File, kenako Settings, pa Locale musankhe United Kingdom.

Pa Locale pomwepo pamachokeranso vuto lina. M'matebulo otchera ku maiko amene amalemba 95,50 m'malo mwa 95.50, monga Portugal, zigawo za fomula zimalekanitsidwa ndi chizindikiro cha ; osati koma. Fomula ya INDEX ija ikalembedwa ndi makoma m'tebulo lotero, imatulutsa #ERROR! ndi mawu oti Formula parse error. Uthenga womwewu umabweranso mukakopera fomula kuchokera m'meseji kapena m'chikalata chimene chinapinda timizere tiwiri totsekera mawu tija. Tifufuteni ndi kutilembanso m'kabokosi momwemo kuti tikhale towongoka.

Uthenga wa #N/A umatanthauza kuti Google sinapeze chimene mwafunsa. Yambani ndi kuona zilembo za ndalama, mwina mwalemba MKW m'malo mwa MWK. Zikakhala zolondola, nthawi zambiri ndi vuto la kanthawi ndipo limatha mukatsegulanso tebulo. Ena amabisa uthengawu ndi IFERROR n'kuuza tebulo kuti liike 0. Zimenezi n'zoopsa, chifukwa katundu yense amaoneka waulere ndipo palibe chofiira chokuchenjezani. Ngati mukufuna chogwirizira, sungani mtengo wa dzulo pamanja mu C1 ndipo fomula igwere pamenepo:

```
=IFERROR(GOOGLEFINANCE("CURRENCY:ZARMWK"),C1)
```

Pafupi ndi C1 lembani deti limene munauika, kuti mudziwe ngati wakalamba.

GOOGLEFINANCE ndi ya Google Sheets yokha. Mukatsitsa tebulolo n'kulitsegula mu Excel, mupeza nambala yomaliza ija itaima ndipo sidzasinthanso. Excel ya Microsoft 365 ili ndi njira yake: lembani USD/ZAR m'kabokosi ka A1, pitani pa Data, sankhani Currencies pa Data Types, kenako m'kabokosi kapafupi mulembe izi:

```
=A1.Price
```

Kuti nambala itsitsimuke, dinani Refresh All. Excel yakale, monga ya 2016, ilibe batani la Currencies, ndiye amene ali nayo atsegule tebulo la mtengo mu Google Sheets n'kumakopera nambalayo pamanja.