Phazi la mwana likukula, nsapato ili pomwepo

Makolo ambiri amadikira kuti mwana adandaule ndiye aganize zomugulira nsapato zina. Vuto ndi lakuti mwana wamng'ono sadandaula kawirikawiri. Mafupa a phazi lake amakhala akadali anthete, ambiri ofewa ngati kafupa ka kunsonga kwa mphuno, ndipo amakhwima pang'onopang'ono mpaka mwanayo atafika pa unyamata kapena utsikana. Phazi lotere mukalilowetsa mu nsapato yothina limangopindika n'kulowa. Mwana amathamanga nayo tsiku lonse, inu n'kumati zonse zili bwino, koma m'katimo zala zapanikizana ngati nthochi pa phava.

Kakulidwe kake n'kofulumira kuposa momwe timaganizira. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 3 phazi lake limatalika pafupifupi milimita imodzi ndi theka mwezi uliwonse, ndipo kuyambira zaka 3 mpaka 6 limatalika pafupifupi milimita imodzi pa mwezi. Nambala za nsapato za ku Ulaya, monga 25, 26, 27, zimasiyana mamilimita osakwana 7. Ndiye kuti mwana wa zaka 2 akhoza kusintha nambala kawiri kapena katatu m'chaka chimodzi. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti wa zaka zosakwana 3 muzimuyeza pakatha miyezi iwiri iliyonse, ndipo tsiku lopita kusikelo ndi labwino kukumbukirirapo. Wamkulupo muzimuyeza pakatha miyezi itatu kapena inayi. Wa kusukulu, yezani teremu iliyonse isanayambe.

Kutsogolo kwa chala chachitali kumafunika mpata wa mamilimita pafupifupi 12, womwe ndi wocheperapo kuyerekeza ndi m'lifupi mwa chala chachikulu cha dzanja la munthu wamkulu. Mpata umenewu si wokuliramo wokha ayi. Munthu akaponda, phazi limatambasuka n'kusunthira kutsogolo, ndiye zala zimafuna poyala.

Tonsefe timadziwa kayezedwe ka pamsika: mwana wavala, mayi akudina kunsonga kwa nsapato ndi chala chachikulu. Njirayi imanamiza anthu ambiri. Mwana akangomva kudinidwa amafunya zala, inu n'kupeza mpata womwe kulibe. Ngati mukuyeza chonchi, mwana aimirire ndi mapazi onse awiri, atavala sokosi zomwe azivala ndi nsapatoyo, chidendene chitafika kumbuyo ndiponso zingwe zitamangidwa. Dzanja limodzi ligwire pamwamba pa zala kuti asazipinde, lina lidine kunsonga. Fufuzani chala chachitali, chifukwa kwa ana ena chachiwiri ndicho chimaposa chachikulu. Koma nsapato zachikopa za kusukulu zimakhala zolimba kutsogolo, kudina sikukuuzani kanthu.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi ya katoni, ndipo siilira ndalama. Tengani chidutswa cha katoni, muyale pamalo osalala, mwana apondepo chilili. Chitani zimenezi masana kapena madzulo, poti phazi limafufumako mwana akayendayenda. Ndi cholembera choimika chilili, lembani kamzere kumbuyo kwa chidendene ndi kena kutsogolo kwa chala chachitali. Muchite mapazi onse awiri, chifukwa nthawi zambiri limodzi limaposa linzake, ndipo mutsate lalikulu. Onjezerani mamilimita 12 kutsogoloko pogwiritsa ntchito rula ya mwana wasukulu, kenaka dulani kachidutswa kakatali chomwecho, kotambalala ngati zala ziwiri. Kalowetseni m'nsapato mpaka kunsonga, n'kukagoneka pansi. Kakapindika kapena kutukuka, nsapatoyo ndi yaing'ono. Kakagona bwinobwino n'kukhudza kumbuyo, yakwana. Kakamayendayenda m'katimo n'kusiya mpata wolowa chala, yakula kwambiri.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 4. Phazi lamanja latuluka mamilimita 160, lamanzere 163. Titenga 163 n'kuonjezera 12, kachidutswa kathu kakhale 175. Amayi ake akapita nako pa kaunjika, wogulitsa angawauze kuti "Mayi, iyi ndi saizi yake yeniyeni, tengani." Kachidutswa kakalowa n'kupindika pakati, ayisiye, kaya pansi pake palembedwa nambala yanji. Nsapato za m'kaunjika zimachokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo nambala za ku Britain, za ku America ndi za ku Ulaya sizifanana. Ngakhale nsapato ziwiri zolembedwa 27 zikhoza kusiyana m'kati. Akapeza yomwe kachidutswa kagona bwino, adziwe kuti pa msinkhu umenewu mwezi uliwonse ukudya milimita imodzi ya mpatawo. Pakatha miyezi 7 padzatsala mamilimita 5 okha, ndipo imeneyo ndi nthawi yofuna ina, ngakhale nsapatoyo idzaoneke ngati yatsopano.

Katoni kameneka kamathandizanso bambo amene akukagula nsapato m'tauni mwana atamusiya kumudzi, kapena wachibale amene ali ku Joni ndipo akufuna kutumiza. M'malo monena kuti "ndi wa zaka zinayi", muuzeni mamilimita a m'kati mwa nsapato. Chenjezo langa n'lakuti kachidutswa kakatha miyezi iwiri musakadalirenso, dulani kena.

Nsapato zina zimakhala ndi kopondapo ka m'kati kotheka kuchotsa. Katulutseni, mwana aimepo, muone ndi maso mpata womwe watsala kutsogolo, komanso ngati phazi likusefukira m'mbali. M'lifupi n'mofunikanso, poti nsapato ikhoza kukhala yaitali bwino koma yosongoka, n'kumakankhira chala chachikulu kwa zinzake.

Ndikudziwa kuti ndalama n'zovuta, ndipo ambiri timagula yaikulu kwambiri kuti akule nayo, n'kutsendera mapepala kapena thonje kutsogolo. Sindikudzudzula, koma nsapato yokhwepa ili ndi mavuto akenso. Mwana amapunthwa, chidendene chimakhuzika mpaka kutuluka matuza, ndipo zala zimakhala zikukanirira pansi kuti nsapato isavuke. Ngati mukufuna kuonjezera, mpata wonse wakutsogolo usapitirire mamilimita 17, ndipo sankhani ya zingwe kapena ya lamba yogwira phazi pamwamba. Ngati yomwe ilipo yathina ndipo ina sinapezeke, ndi bwino mwana akhale wosavala ali m'nyumba kapena pabwalo losesedwa bwino kusiyana n'kumukakamiza kuivala tsiku lonse. Nsapato yosiyirana ndi mkulu wake iyezeni chimodzimodzi, ndipo ngati inadyeka mbali imodzi pansi, musamupatse.

Pomusambitsa madzulo, yang'anani phazi lenilenilo. Kufiira pamwamba pa zala kapena m'mbali mwa kachala kakang'ono, mizere ya sokosi yosachoka msanga, chikhadabo chakuda kapena cholowa m'mnofu, zonsezi zikunena kuti malo achepa. Mwana amene wayamba kuvula nsapato akangofika pa sukulu, kapena kuponda kumbuyo kwake n'kumaikoka ngati silipasi, nayenso akukuuzani zomwezo. Sokosi nazo zimafupika pochapa ndipo zimatha kupanikiza zala ngati nsapato. Zikhadabo muziziwenga mowongoka, osalowera m'makona. Pomwepo yang'ananinso pakati pa zala ndi m'mphepete mwa zikhadabo ngati muli matekenya. Chala chikatupa, kutentha kapena kutulutsa mafinya, kapena mwana akamatsimphina ngakhale atavula nsapato, musachiboole ndi singano kunyumba, mutengereni ku chipatala.