Momwe mungaitanire anzanu ku phwando lotsanzikana ndi wopuma ntchito, mwini wake osadziwa

Musanalembe chilichonse, khalani anthu atatu kapena anayi mugwirizane za tsiku, malo ndi ndalama zosonkha. Tsiku lifunseni mwakachetechete kwa akunyumba kwa wopumayo, chifukwa ambiri amatenga tchuthi chawo chotsala masabata omaliza, ndiye mutha kukonza phwando mwini wake ali pa ulendo. Kwa akunyumbawo mungofunika munthu mmodzi wosunga pakamwa, amene adzawabweretsenso pa tsikulo.

Malo alipireni dipoziti kaye, mulandire risiti yolembedwa tsiku ndi maola ake. Samalani ndi eni holo amene amangoti "musadandaule, takusungirani" pafoni. Otere akapeza wolipira zambiri amakuiwalani, ndipo mtengo umene anakuuzani poyamba mumadzamva kuti sunaphatikize mipando ndi zokuzira mawu.

Tsopano uthenga weniweniwo. Ukhale waufupi woti munthu awerenge osatsitsa pafoni, ndipo pempho la chinsinsi likhale mzere woyamba. Mukaliika kumapeto, wina amakhala atayankhula kale asanafikeko. Wathu timaulemba motere:

"CHINSINSI: chonde a Uje asadziwe, ndipo uthengawu musautumize kwina. Mukuitanidwa ku mwambo wotsanzikana ndi a Uje, amene akupuma ntchito kumapeto kwa mwezi uno. Udzachitika Lachisanu pa 28, ku holo yakuti, kuyambira 5 koloko madzulo. Tonse tidzakhale titafika pofika 4:30, iwo adzafika 5 koloko. Chopereka ndi chakuti pa munthu, cholipirira malo, chakudya ndi mphatso. Perekani kwa msungichuma wathu pofika Lachisanu pa 14. Yankhani kwa ine ndekha ngati mudzabwere."

Lembani dzina la tsiku pamodzi ndi deti, ndipo muyang'ane pa kalendala ngati zikugwirizana. Nthawi ziwirizo musazisiye, apo ayi ochedwa adzakumana ndi mwini phwando pakhomo.

Pamene ife zinatithera ndi pa katumizidwe. Tinatsegula gulupu yatsopano ya WhatsApp, wopumayo osamuikamo, tikuganiza kuti tatseka ponse. Koma gulupuyo tinaitcha dzina la iwo amene, ndi mawu oti "kutsanzikana". Uthenga ukalowa, dzina la gulupu limaoneka pamwamba pa foni ngakhale ili yokhoma, ndipo mnzathu wina anasiya foni yake pa desiki pa msonkhano, moyandikana ndi bambowo. Sananene kanthu. Tinangodabwa ayamba kufunsa ngati Lachisanu lomaliza afunika kuvala jekete.

Choncho gulupu ipatseni dzina losakopa maso, monga "Zowerengera katundu", ndipo isakhale ndi chithunzi chawo. Ikonzeni kuti olemba akhale oyang'anira gulupu okha. Mukaisiya yotsegula, anthu amayamba nthabwala, mafoni amalira ofesi yonse nthawi imodzi kupatula ya munthu mmodzi, ndipo iye amazindikira. Ngati mukutumiza pa imelo, musagwiritse ntchito adiresi ya antchito onse, wopumayo akadalimo mpaka tsiku lake lomaliza. Lembani maina mmodzimmodzi mu Bcc, kuti wina akadina Reply All yankho lake lisafalikire. Pa kalendala ya kuntchito musaikepo chilichonse, anthu ambiri amaona makalendala a anzawo. Amene amagwira nawo ntchito chipinda chimodzi muwauze pakamwa, panja.

Pa zosonkha, werengerani kuti si onse adzapereke. Ngati mwaitana anthu 40, gawani ndalama zofunika ngati kuti opereka ndi 30. Zikatsala muwonjezere pa mphatso. Ine sindikonda zolemba mndandanda wa amene apereka pa gulupu, zimachititsa manyazi amene malipiro awo ndi ochepa. Msungichuma asunge mndandanda wake, aziyankha aliyense payekha kuti walandira, ndipo onjezani mzere woti amene sangakwanitse ndalama yonse apereke zimene angathe, adzabwerebe. Envelopu yoyenda desiki ndi desiki iiwaleni, imathera m'manja mwa mwini wake.

Ngati mphatso ikalembedwe dzina, wolembayo mumupatse nambala yanu osati ya ku ofesi, ndipo akutumizireni chithunzi asanayambe. Ena amalakwitsa dzina n'kufunanso ndalama ina yokonzera.

Zotsalazo ndi zapafupi. Kumbutsani anthu kutatsala masiku awiri kuti zopereka zitsekedwe, kenako dzulo lake la phwando. Uzani eni malo chiwerengero chomaliza. Wodzabweretsa wopumayo akhale ndi chifukwa chomveka chopitira kumeneko, ndipo adzakutumizireni uthenga akamanyamuka.