Momwe mungalembere za malayisensi, misonkho ndi malamulo mu pulani ya fakitale yaing'ono

Mapulani ambiri a bizinesi omwe ndinawawerengapo amamaliza gawo la malamulo ndi chiganizo chimodzi: "Kampaniyi idzatsatira malamulo onse a boma." Inenso ndinalemba choncho mu pulani yanga yoyamba ya fakitale ya sopo wamtanda. Wowerenga pulani, kaya ndi wa ku banki kaya ndi amene mukufuna aikemo ndalama, chiganizochi sichimuuza kanthu. Iye akufuna kudziwa kuti ndi mapepala ati, apereka ndani, atenga nthawi yaitali bwanji, ndipo mudzayamba liti kugulitsa popanda wina kubwera kudzakhoma chitseko.

Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kutenga nambala ya msonkho sindikambapo zambiri. Aliyense amayambira pamenepo. Mu pulani ingolembani mtundu wa bizinesi yanu, ngati ndi ya munthu mmodzi, ya anthu ogwirizana kapena kampani, chifukwa msonkho wa phindu umawerengedwa mosiyana malinga ndi mtunduwo.

Choyamba, tchulani chomwe mukupanga mmene boma limachitchulira

Inu mumati "sopo", koma maofesi amagwiritsa ntchito manambala. Mu ndandanda ya ntchito ya bungwe la United Nations yotchedwa ISIC, kupanga sopo kuli pa 2023. Kwa a kasitomu, omwe amatsatira manambala a katundu wodutsa m'malire otchedwa HS, sopo ali pa 3401 ndipo kositiki soda ali pa 2815. Manambala 6 oyambirira a HS ndi ofanana m'maiko onse omwe amawagwiritsa ntchito, otsatirawo dziko lililonse limawonjezera lokha. Alembeni mu pulani, chifukwa ndi omwe adzakuthandizeni kupeza msonkho wa pa chipata ngati zipangizo zina zikuchokera kunja.

Samalaninso ndi mawu omwe mudzalembe pa lebulo. Sopo wochapira ndi wosambira kawirikawiri amakhala ndi miyezo yosiyana. Mukangolemba kuti sopo wanu "amapha majeremusi" kapena "amachiritsa ziwengo", m'maiko ambiri mwalowa m'manja mwa bungwe loona za mankhwala, ndipo kumeneko mzere wake ndi wautali. Ine mawu amenewo ndinawafufuta.

Chachiwiri, malo. Apa ndi pomwe ndinapsa

Ndinapeza nyumba yabwino: yaikulu, madzi alipo, magetsi alipo, lendi yake yosaboola m'thumba. Mwininyumba anati, "Musadandaule, kuno anthu amachita bizinesi iliyonse." Ndinasaina mgwirizano wa chaka chathunthu, ndinalipiriratu miyezi itatu, ndipo ndinaika mapoto ndi zikombole. Mu pulani ndinali nditalemba kuti malayisensi onse atuluka mwezi woyamba, malonda ayamba mwezi wachiwiri.

Nditapita kukapempha layisensi ya bizinesi, anandifunsa pepala losonyeza ntchito yomwe nyumbayo inavomerezedwa. Ndinali ndisanamvepo za pepala lotere. Mwininyumba atalitulutsa, linati nyumbayo ndi yosungiramo katundu. Kusunga sopo n'kololedwa, kupanga sopo ayi. Kwa ine zinali chimodzimodzi, koma kwa oona za mapulani a mzinda ndi ntchito ziwiri zosiyana, chifukwa kupanga kumabwera ndi moto, mankhwala owotcha khungu, fungo ndi madzi oipa otayidwa.

Kuti asinthe ntchito ya nyumbayo panafunika pempho losainidwa ndi mwininyumba, osati ine, ndipo bamboyo sankafulumira chifukwa lendi yake inkalowa ndithu. Panafunika chojambula cha nyumba chosonyeza pophikira, posungira kositiki ndi ngalande. Kenako kudikira komiti yomwe sinkakhala sabata iliyonse. Apa ndi pomwe ndinaphunzira kuti malayisensi amayenda ngati unyolo. A zozimitsa moto sakanabwera kudzayendera nyumba yomwe sinavomerezedwe kukhala fakitale. Layisensi ya bizinesi sikanatuluka popanda kalata ya a zozimitsa moto. Ndipo bungwe loona za miyezo linkafuna kuona sopo akupangidwa pamalo enieniwo, n'kutenga ena kukawayeza, kutanthauza kuti sakanabwera ine ndisanaloledwe kuyatsa moto. Onjezani kuti sopo wopangidwa mosaphika kwambiri amafunika masabata 4 mpaka 6 kuti aume ndi kukhwima asanayezedwe. Ndinalipira lendi miyezi isanu osagulitsa mtanda ndi umodzi womwe.

Tsono mu pulani musalembe malayisensi ngati mndandanda wa zokagula. Jambulani tebulo, mzere umodzi pa pepala lililonse, ndipo pa mzerewo pakhale dzina la pepalalo, ofesi yopereka, chomwe chiyenera kukhalapo kale lisanatuluke, nthawi yodikira, mtengo wake, ndi nthawi yomwe limatha ntchito. Danga lachitatulo, la chomwe chiyenera kukhalapo kale, ndi lomwe lili ndi phindu kuposa onse. Mukalidzaza muona nokha mapepala omwe mungawapemphe nthawi imodzi ndi omwe ayenera kudikirana. Phatikizani nthawi za odikiranawo, ndipo tsiku lomwe latuluka ndi lomwe mulembe ngati tsiku loyamba malonda. Miyezi yonse ya m'mbuyomo iikeni mu bajeti ngati miyezi yolipira lendi, mlonda ndi chiwongoladzanja popanda cholowa.

Nthawi yodikirayo musangokopera yomwe yalembedwa pakhoma la ofesi. Funsani munthu amene watenga pepalalo chaka chino kuti zinamutengera masiku angati, ndipo lembani zonse ziwiri. Wa ku banki akaona kuti mwawerengera yaitaliyo amayamba kukukhulupirirani. Musanasaine mgwirizano wa lendi, onani pepala la ntchito ya nyumba ndi maso anu, kenako mukafunse ku ofesi ya mapulani ngati dera limenelo limaloledwa n'komwe kukhala ndi fakitale. Ngati mwininyumba avomera, lembani mu mgwirizano kuti lendi yonse idzayamba chilolezo chikatuluka, kapena kuti muli ndi ufulu wotuluka chikakanidwa. Ambiri amakana, koma kufunsa sikulipiritsa.

Pa nthawi yodikirayi anthu othandiza amangotulukira okha. Wina anandipeza pakhomo pa ofesi n'kunena kuti atha kunditulutsira zonse pa masiku atatu. Ndinatsala pang'ono kumupatsa. Mnzanga wina amene anapereka analandira pepala lokongola, chidindo chili pomwepo, koma nambala yake sinkapezeka m'kaundula. Alipo othandiza oona, makamaka pa za kasitomu, koma ndalama ya boma muzilipira nokha ndipo risiti ikhale m'dzina la bizinesi yanu.

Chachitatu, misonkho

Apa anthu amalemba peresenti ya msonkho wa phindu n'kusiya. Koma fakitale yatsopano chaka choyamba phindu limakhala lochepa, mwinanso palibe. Misonkho yomwe imafinya ndi yomwe imatuluka mwezi ndi mwezi, makamaka VAT.

Tiyerekeze kuti kwanuko VAT ndi 15 pa 100 iliyonse. Nambalayi ndi yongophunzirira, yeniyeni mukafunse. Mwagula mafuta, kositiki ndi makatoni a 1,000, ndipo pamodzi ndi VAT mwalipira 1,150. Sopo mwagulitsa 2,000, mwawonjezerapo VAT ya 300. Ngati munalembetsa VAT, boma mulipatsa 300 kuchotsa 150 yomwe munalipira kale, ndiye 150. Ngati simunalembetse, simulipiritsa 300 ija, koma 150 ya pa zipangizo yapita, ndipo iyenera kulowa mu mtengo wopangira sopo. Maiko ambiri ali ndi malire a malonda a pa chaka omwe mukawadutsa kulembetsa kumakhala kokakamiza. Pulani ionetse chaka chomwe mudzadutse malirewo, ndiponso ngati mukuganiza zolembetsa mwakufuna kwanu musanafike. Ngati makasitomala anu ndi masitolo akuluakulu, nthawi zambiri amakonda wolembetsa chifukwa nawonso amachotsera VAT yawo. Ngati mukugulitsa kwa anthu wamba, kulembetsa msanga kungokweza mtengo wanu.

Msampha uli pa nthawi. M'malo ambiri VAT imayamba kuwerengedwa tsiku lomwe mwatulutsa invoyisi, osati lomwe mwalandira ndalama. Sitolo yaikulu ikatenga sopo n'kulonjeza kulipira pakatha masiku 60, boma lidzafuna 150 yake ndalamayo isanabwere, ndipo mudzaitenga m'thumba lomwe munasungira mafuta a mwezi wamawa. Ogula ena akuluakulu amalamulidwanso kudula kagawo ka malipiro anu n'kukapereka ku boma m'dzina lanu. Ndalamayo sinatayike, imachotseredwa pa msonkho wa phindu, koma pofika pamenepo miyezi yadutsa, ndipo popanda satifiketi yosonyeza kuti anadula simungaitenge. Zonsezi zioneke mu tebulo la kayendedwe ka ndalama pa mwezi womwe zikutulukadi, osati pamzere umodzi kumapeto kwa chaka.

Kunena za zipangizo, pali ogulitsa omwe amakutsitsirani mtengo mukavomera kutenga katundu popanda invoyisi. Werengani bwino musanasangalale. Popanda invoyisi yovomerezeka VAT simungaichotsere, ndipo ndalamayo kudzakhala kovuta kuionetsa ngati yomwe munagwiritsa ntchito. Ndinagulapo kositiki wotero. Analibe ngakhale pepala la chitetezo lija la zigawo 16 lomwe limayenera kubwera ndi mankhwala oopsa, ndipo woyendera za chitetezo cha antchito ndi lomwe anayamba kufunsa.

Funsaninso ngati makina opangira katundu amachotseredwa msonkho wa pa chipata. Kumene mwayiwu ulipo, kawirikawiri umapemphedwa makina asanafike, ndiye musauwerengere mu bajeti musanagwire kalata yake.

Chachinayi, miyezo ndi lebulo

Gulani kope la muyezo wa katundu wanu ku bungwe loona za miyezo, ndipo nambala yake muilembe mu pulani. Pa sopo amayang'ana kuchuluka kwa mafuta, kositiki wotsalira ndi chinyezi. Fufuzani ngati muyezowo ndi wokakamiza kapena wofuna mwini, komanso ngati fomyula iliyonse imayezedwa payokha, chifukwa mitundu itatu ya sopo itha kutanthauza malipiro atatu. Musasindikize malebulo ambiri a bungweli asanaone chitsanzo. Sikelo yanunso imafunika chidindo cha oona za miyeso, ndipo sopo amapepuka akamauma, choncho kulemera komwe mwalemba kukhale kwa sopo wouma.

Zotsalazo

Antchito: msonkho wa pa malipiro, penshoni kapena inshuwalansi ngati lamulo likutero, malipiro ochepetsetsa ovomerezeka, magolovesi ndi magalasi. Zachilengedwe: funsani ngati fakitale ya kukula kwanu imafuna lipoti kapena fomu chabe, ndiponso komwe madzi otsukira mapoto akuloledwa kupita. Dzina la sopo lilembetseni ngati chizindikiro cha malonda, kulembetsa kampani sikuliteteza.

Pansi pa tebulo lembani tsiku lomwe munafunsa chilichonse ndi ofesi yomwe inakuyankhani, popeza mitengo ndi malire a misonkho zimasintha boma likalengeza bajeti yatsopano. Gawo lonseli lisapitirire masamba awiri. Makope a mapepala omwe muli nawo kale aikeni kumapeto kwa pulani.