Mafuta pa lenzi ya 100x: kwa anzanga a mu labu kuno ku Zomba

Inu amene mumayeza magazi kufunafuna tizilombo ta malungo, musaike lenzi ya 100x ya maikulosikopu pa galasi louma, lopanda mafuta ake apadera. Ndimaona ophunzira ambiri akuzunguza chopotera mpaka kutopa, chithunzi chili mbuu, kenako n'kumati makina ndi owonongeka.

Kukuza chithunzi ndi kuonetsa bwino n'zosiyana. Lenzi ya kudiso ya 10x ndi ya kumunsi ya 100x zimakuza ka 1000, koma ngati timadontho tiwiri toyandikana tikuoneka ngati kamodzi, kukuzako sikuthandiza. Maikulosikopu ya kuwala imalekanitsa zinthu zotalikirana pafupifupi mamaikulomita 0.2, osapitirira apo, ndipo imafika pamenepo pokhapokha lenzi itasonkhanitsa kuwala kochuluka, kuphatikizapo kobwera chopendama.

Vuto ndi mpweya. Kuwala kukachoka m'galasi kulowa mumpweya kumapindika n'kuphonya kamaso ka lenziyo, kamene ndi kakang'ono kwambiri. Muyeso wa kapindidwe ka kuwala mumpweya ndi 1.0, m'galasi pafupifupi 1.5, ndipo mafutawa anapangidwa kuti afanane ndi galasi, 1.515. Choncho kuwala kumangodutsa molunjika.

Yambani ndi 10x kupeza malo abwino, donthezani dontho limodzi lokha la mafuta pa magazi opakidwa utoto wa Giemsa atauma, kenako tembenuzani 100x ikhudze mafutawo. Gwiritsani ntchito chopotera chaching'ono chokha, kwezani kondensa, tsegulani kuwala. Chithunzi chikamayandama kapena kuda mbali imodzi, muli thovu; pukutani muyambirenso.

Chonde musabwerere ku 40x mafuta ali pomwepo, lenzi imeneyo imagwira ntchito popanda mafuta ndipo ikapakika imachita chifunga. Mafuta ophikira ayi. Mukamaliza pukutani 100x ndi pepala la lenzi nthawi yomweyo, osati thonje.