Mawu a kochi kwa anyamata ake: chakudya cha tsiku la mpira chili ndi nthawi yake

Matimu ambiri a m'midzi amasewera bwino chigawo choyamba, koma likalira wezulo lachiwiri miyendo imayamba kulemera, anyamata n'kumangoyenda m'bwalo manja ali m'chiuno. Ochemerera amathamangira kunena kuti timu inayo yabwera ndi mankhwala. Nthawi zambiri vuto limakhala litayambira kukhitchini. Amene amadya nsima yambiri mpira utatsala pang'ono kuyamba ndi amene amalowa m'bwalo ndi njala amagwa mofanana. Mawu ali m'munsiwa ndi amene kochi ayenera kuwauza anyamata ake Lachisanu akamaliza zokonzekera, pamene mpira uli Lamulungu 3 koloko masana, nyengo yotentha ya Okutobala.

"Anyamata, khalani pansi mumve. Mphamvu imene mumathamangira imachokera ku zakudya zokhutitsa: nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, nthochi. Thupi limazisandutsa shuga n'kumusunga m'minofu ndi m'chiwindi. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono, ndipo munthu wothamanga mphindi 90 amatsala pang'ono kuikokolola yonse. Ikatha, ngakhale mtima ufune bwanji, mwendo sunyamuka. Nkhokweyi sidzadza pa ola limodzi, n'chifukwa chake chakudya cha mpira wa Lamulungu chimayamba Loweruka madzulo. Mawa usiku aliyense adye nsima mpaka kukhuta, ndi ndiwo zimene anazolowera kwawo, amwe madzi, akagone msanga. Mowa mawa ayi.

"Lamulungu m'mawa musachoke pakhomo chopanda kanthu m'mimba. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi shuga pang'ono, kapena tiyi ndi mbatata yophika, n'zokwanira.

"Tsopano apa ndi pamene timalakwitsa kwambiri. Nsima ya masana idyedwe maola atatu kapena anayi mpira usanayambe. Ngati tikuyamba 3 koloko, ndiye kuti pofika 12 koloko mukhale mutadya kale n'kusamba m'manja. Chakudya chikalowa m'mimba, magazi ambiri amapita kukathandiza kuchigaya. Mukayamba kuthamanga nsima idakali m'mimba, miyendo nayo imafuna magazi omwewo, ndiye mumamva kulemera, kubaya m'nthiti, ena mpaka kusanza. Pa nsima ya 11 koloko imeneyi tengani mitanda iwiri yapakatikati, osati kudya ngati muli pa ukwati. Ndiwo zikhale zopepuka: usipa wophika ndi tomato, dzira, kapena kachidutswa ka nkhuku, ndi masamba pang'ono. Nyemba, nandolo ndi kabichi ndi zakudya zabwino, koma tsiku la mpira masana zimatupitsa mimba mwa anthu ambiri, choncho zisungireni madzulo. Chipisi chapachiwaya, kanyenya ndi mandasi onona mafuta zimachedwa kutsika m'mimba. Ndikamuona wina ali pachiwaya 2 koloko, ayambira panja.

"Ndikudziwa kuti ena mumapita kutchalitchi ndipo mumatuluka mochedwa, komanso tikamakasewera koyenda lole imanyamuka nsima isanapse. Zikatero musathamangire nsima 1 koloko. Pemphani kunyumba akuphikireni mbatata kapena chinangwa m'mawa, mukulunge, mudye cha m'ma 12 koloko kulikonse kumene muli. Kukatsala ola limodzi, nthochi imodzi kapena ziwiri zakupsa, kaya kapu ya thobwa, basi. Ndipo tsiku la mpira si tsiku loyesa chakudya chachilendo. Zakumwa zam'botolo zimene amati zopatsa mphamvu zija zimatha kuthamangitsa mtima, ena zimawatsegula m'mimba, ndipo ndalama yake ikhoza kugula nthochi zambiri.

"Nkhani ya madzi ndikufuna muimvetse. Dzuwa la mwezi uno, wosewera wapakati amatha kutaya madzi opitirira lita imodzi, mwinanso awiri, kudzera m'thukuta. Ludzu limabwera mochedwa, thupi litauma kale. Yambani kumwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa, ndipo kukatsala maola awiri imwani theka la lita, ndiye kuti makapu awiri. Mukapita kukataya madzi muyang'ane mkodzo. Ukakhala woyererako, muli bwino. Ukakhala wachikasu kwambiri, wochepa komanso wonunkha, simunamwe mokwanira. Koma musadikire wezulo kuti mugugude jagi yonse nthawi imodzi, chifukwa madziwo azidzangokhuchumuka m'mimba.

"Pa nthawi yopumulira tili ndi mphindi 15. Aliyense amwe kapu imodzi kapena ziwiri, adye theka la nthochi kapena lalanje. Chakumwa tidzipangira tokha: pa lita imodzi ya madzi aukhondo tithira masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Shugayo akubwezera mphamvu, mcherewo ukulowa m'malo mwa umene watuluka ndi thukuta. Mukachilawa chakumwachi chisawawe mchere kuposa misozi. Chikatero mwachulutsa mchere, onjezani madzi. Madziwo akhale a pa mjigo kapena othira WaterGuard, m'chigubu chotseka, ndipo tizithira m'kapu. Zomaviika kapu imodzi m'ndowa anthu khumi ndi asanu zithe. Tonse tikukumbukira mmene kolera inavutira mu 2022 ndi 2023.

"Wina akayamba chizungulire, mutu kuwawa kwambiri, kuyankhula zosagwirizana kapena kudzandira, asalimbe mtima. Atuluke, timuike pamthunzi, timuthire madzi thupi lonse ndi kumukupiza. Ngati akusokonezeka mutu kapena wakomoka, musamumwetse kanthu, tithamange naye kuchipatala pomwepo.

"Mpira ukatha, tapambana kapena tagonja, ntchito sinathe. Minofu imalandira chakudya mwachangu m'maola oyambirira mutangosewera, choncho lisanathe ola limodzi mulowetse kanthu: thobwa, nthochi, mbatata yotsala, ndi dzanja limodzi la mtedza wokazinga. Mukafika kunyumba idyani nsima yokwanira, ndipo pano ndiwo zichuluke, chifukwa ndi zimene zimakonza minofu imene yaphwanyika. Nyemba zija tinazikana masana, ino ndiyo nthawi yake. Usipa, matemba, mazira awiri kapena atatu, soya, chambiko, zonsezi zimagwira ntchito imodzi, simukufunika nyama yodula. Masamba otendera ndi chipatso cha nyengo yake zisasowe.

"Amene akufuna kudziwa madzi amene wataya akwere sikelo yoyezera chimanga ija tisanayambe ndiponso tikamaliza, atavula jezi yonyowa. Tinene kuti unalemera makilogalamu 60, tsopano uli pa 58 ndi theka. Kilogalamu imodzi ndi theka imene yasowayo ndi madzi, pafupifupi lita imodzi ndi theka. Kuti abwerere uyenera kumwa oposa pamenepo, malita awiri kapena kupitirirako pang'ono, chifukwa ena atuluka ndi mkodzo. Uwamwe pang'onopang'ono mpaka nthawi yogona.

"Za mowa ndinene poyera. Ochemerera adzakukokerani ku kachasu kuti musangalale. Mowa umakodzetsa thupi louma kale, umachedwetsa kupola kwa minofu, ndipo bondo kapena kakolo wobinya amatupa kwambiri. Inu akuluakulu a m'timu muno, yambani mwadya ndi kumwa madzi, ndipo amene wavulala asaulawe n'komwe. Ana asukulu, mowa si wanu."

Kwa makomiti a matimu, pa ndalama zimene mumasonkha za lole ndi oyimbira mpira, patulaniko ya phava la nthochi, shuga ndi mchere, ndipo musankhe munthu mmodzi woyang'anira chigubu cha madzi. Pa bonanza, pamene timu imasewera kawiri tsiku limodzi, musaphike nsima pakati pa masewero ngati mpata wake sukwana maola atatu. Apatseni anyamata thobwa, nthochi ndi mbatata yophika akangotuluka m'bwalo, nsima adzadye madzulo.