Momwe mungatsitsire nangula kuti boti lanu la matanga lisathawe usiku

Nangula sagwira boti chifukwa cha kulemera kwake. Nangula wa makilogalamu 10 sangaimitse boti la matani awiri pongokhala pansi pa nyanja. Amagwira akamakokedwa chogona, mano ake n'kumalowa mumchenga ngati khasu. Akangokokedwa chokweza m'mwamba amazuka. Zonse zotsatirazi zikutumikira chinthu chimodzi chimenechi. Titenga chitsanzo cha boti la matanga lotalika mamita 8, likufuna kugona pagombe lina la nyanja ya Malawi.

Zida zake zikhale izi: nangula wa makilogalamu 8 mpaka 10, tcheni cha mamilimita 8 chotalika mamita 10, kenako chingwe cha nayiloni cha mamilimita 12 chosachepera mamita 50. Tcheni chimagonetsa nangula pansi ndipo sichidulidwa ndi miyala. Nayiloni amatamuka funde likamenya, motero kugwedezekako sikufika konse kwa nangula. Chingwe cha pulasitiki chimene chimayandama pamadzi musachigwiritse ntchito pano, chifukwa sichitamuka mokwanira ndipo maboti a injini odutsa angachidule. Pini ya chitsulo cholumikizira tcheni ndi nangula muimange ndi waya kuti isamasuke. Ikani chizindikiro pachingwe pa mamita 5 aliwonse, ndipo nsonga yake yomaliza ikhale yomangirira m'botimo.

Kusankha malo

Yambani ndi mphepo, ya tsopano ndi imene ingabwere usiku. Mufunika malo amene mtunda ukukutchingirani, mphepo ikuchokera kumtunda kupita kunyanja. Mwera umachokera kum'mwera chakum'mawa ndipo umalimba kwambiri pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Gombe la Chembe ku Cape Maclear limayang'ana kumpoto chakumadzulo, choncho limabisala bwino ku mwera, koma mpoto ukayamba limakhala poyera. Ku Senga Bay nyanja ili kum'mawa, ndiye vuma ndi mwera zimafika ndi mafunde awo onse.

Kenako onani za pansi. Mchenga wolimba ndi matope ogwirana ndiwo malo abwino. Matope a phalaphala amalola nangula kulowa koma samugwira. Paudzu wa m'madzi nangula amangokola udzuwo, n'kuoneka ngati wagwira kufikira mphepo italimba. Pamiyala amatha kutsetsereka osagwira, kapena kukodwa mpaka kukanika kumutulutsa. Madzi a nyanja yathu ndi oyera m'malo ambiri, ndipo masana mchenga umaoneka wotuwa pomwe miyala ndi udzu zimaoneka zakuda. Wina aime kutsogolo kwa boti azikulozerani potuwa.

Vuto lina lalikulu panyanjayi ndi magombe amene pansi pake pamatsika mofulumira, monga mbali za Nkhata Bay. Nangula akakhala pamtsetse, mphepo n'kumakankhira boti kunyanja, amakokedwa chotsika. Akangosuntha pang'ono amagwera kwakuya, kumene chingwe chanu chimakhala chachifupi, ndipo boti limapita ndi nangula akulendewera. Zungulirani malowo pang'onopang'ono mukuyeza kuya, mupeze pamene pali posalazika. Pewaninso pamene asodzi amatchera kapena kukokera maukonde.

Kutalika kwa chingwe

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti chingwe chachifupi chigwira boti molimba. Chingwe chikafupika chimaimirira, ndiye chimazula nangula.

Yezani kuya kwa madzi, muwonjezepo mtunda wochokera pamadzi kufika pamene chingwe chikutulukira pamutu pa boti. M'chitsanzo chathu madzi ndi akuya mamita 4, mutu wa boti uli mita imodzi pamwamba pa madzi, zonse pamodzi mamita 5. Pogona usiku ndi tcheni chachifupi cholumikiza ku chingwe, chulukitsani ka 7: mutulutsa mamita 35, kuwerengera tcheni chomwe. Ngati muli ndi tcheni chokhachokha, ka 5 n'kokwanira nyengo ikakhala yabata, kutanthauza mamita 25. Mwera ukalusa pitani mpaka ka 10, mamita 50. Mita ya mutu wa boti ija musaiiwale. Mukaisiya mutulutsa mamita 28 okha, mamita 7 athunthu n'kusowa.

Kumbukiraninso kuti mphepo ikatembenuka boti limazungulira nangula. Mamita 35 a chingwe ndi mamita 8 a boti akupereka pafupifupi mamita 43 mbali iliyonse, ndipo m'bwalo lonselo musakhale mwala, boti lina kapena madzi osaya. Amene mumayenda panyanja yamchere, monga ku Mozambique, werengerani kuya kwa nthawi imene madzi adzadze.

Katsitsidwe kake

1. Tsitsani matanga, lizani injini, ndipo yalani tcheni ndi chingwe kuti zisapotane. Mapazi akhale kutali ndi chingwe.
2. Yendani pang'onopang'ono mutalunjika kumene mphepo ikuchokera, muimitse boti pamwamba penipeni pa mchenga mwasankha.
3. Tsitsani nangula ndi manja mpaka mumve kuti wagunda pansi. Musamuponye, ndipo musamuunjikire tcheni pamwamba, chifukwa tcheni chikakulunga mano ake sangalowe pansi.
4. Boti likamabwerera m'mbuyo ndi mphepo, masulani chingwe pang'onopang'ono kuti chiyalike mowongoka. Mukafika pa mamita 15, chigwireni pang'ono pomangira kuti nangula ayambe kuluma, kenako pitirizani mpaka mamita 35 ndipo mumange.
5. Ikani injini m'rivesi, muyambe mofatsa n'kumawonjezera moto mpaka pafupifupi theka, kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi. Mukayamba ndi moto wambiri nangula amangodumphadumpha osalowa.

Pamene chingwe chikukhuzana ndi mutu wa boti vekanipo kapaipi kofewa kapena nsalu yokhuthala, poti usiku umodzi wa mafunde ungathe kuchipekesa.

Kodi wagwiradi?

Injini ikadali m'rivesi, yang'anani chambali kwa boti, osati kutsogolo. Pezani zinthu ziwiri pamtunda zimene zili pamzere umodzi, china pafupi china patali, monga mwala wa pagombe ndi mlambe uli kuseri kwake. Zikakhalabe pamzere, boti laima. Zikamatalikirana osaleka, nangula akukwekwereka. Dzuwa lisanalowe sankhani zina zimene zidzaoneke mumdima, monga magetsi awiri a nyumba. Nyali za asodzi a usipa sizingakuthandizeni, poti zimayenda.

Gwiraninso chingwe ndi dzanja kunja kwa mutu wa boti, zala zili kutali ndi pomangira. Nangula wogwira amapereka chingwe cholimba chimene chimangotamuka n'kubwerera mwakachetechete. Wokwekwereka amachinjenjemeretsa, chimalimba n'kukhwepa modzidzimutsa. Chizindikiro china n'chakuti boti limaleka kuloza kumphepo n'kugona chopingasa, mafunde n'kumamenya m'mbali. Ngati muli ndi GPS, tcherani alamu yake mphindi imene nangula wagunda pansi, muipatse bwalo la mamita 50 mbali iliyonse pachitsanzo chathu, kuti ilire boti likatulukamo. Mukaitchera boti litabwerera kale m'mbuyo, pakati pa bwalo pamasokonekera ndipo imalira pachabe kapena mochedwa. Usiku yatsani nyali yoyera yooneka mbali zonse, ndipo mphepo ikangosintha dzukani muyang'anenso zizindikiro zija.

Mukaona kuti akukwekwereka, lizani injini kaye. Ngati kumbuyo kuli malo okwanira, onjezerani chingwe mamita 10 kapena 15 ndi kumuyesanso ndi rivesi. Akapanda kugwira, musalimbane naye. Kawirikawiri amakhala atakola udzu, ukonde wakale kapena tcheni chake chomwe. Mukokeni, mumuyeretse, musunthire pamchenga wina, muyambirenso pa sitepe yachiwiri.