Risiti ya kubanki ikapanda kuoneka pa sitetimenti ya sukulu

Risiti ya kubanki imangosonyeza kuti ndalama zinalowa mu akaunti yomwe yalembedwa pamenepo. Sikutsimikiza kuti sukulu yazilemba pa dzina la mwana wanu. Choncho ikani pamodzi mapepala atatu: risitiyo, sitetimenti ya fizi yochokera kusukulu, ndi sitetimenti ya akaunti yanu ngati ndalama zinachokera mmenemo.

Yambani ndi nambala ya akaunti ya sukulu, muifananize manambala onse ndi yomwe ili pa kalata ya fizi, kenaka muone ngati nambala ya wophunzira inalembedwa pa risiti. Apa ndiye pamagona vuto kawirikawiri, chifukwa wowerengera ndalama kusukulu akaona dzina la kholo lokha, makamaka losiyana ndi la mwana, amaziika pambali ngati ndalama zosadziwika mwini wake.

Tiyerekeze kuti fizi ya teremu ndi 150,000, mwatumiza 90,000, koma sitetimenti ya sukulu ikuti mwatsala ndi 72,000 m'malo mwa 60,000. Musanadandaule, onani mzere woyamba wa sitetimentiyo, pakuti mwina 12,000 ndi ngongole ya teremu yatha yomwe yawonjezedwa. Ngati mu akaunti yanu mwachoka zoposa 90,000, zapamwambazo nthawi zambiri ndi malipiro a banki, ndipo sizifika kusukulu. Ngati malipiro anu sakuoneka n'komwe, yang'anani tsiku lomwe sitetimenti inasindikizidwa, popeza ndalama zochokera kubanki ina zimatha kuchedwa kufika.

Zikakanikabe, pitani kusukulu ndi fotokope ya risiti yoonetsa bwino nambala ya thiranzakishoni, ndipo yeniyeniyo muisunge inuyo.